Lisiti la ku Mangochi likamawerengedwa ku Kuwait

Munthu wa ku Mangochi akaona 12,500 pa lisiti safunsa kawiri. Amadziwa kuti ndi makwacha, mwina mtengo wa chigubu cha penti. Koma manambala omwewo akafika pa foni ya munthu wa ku Kuwait, pa chithunzi chachimbuuzi chomwe chadutsa pa WhatsApp, maso ake amawerenga zina. Kwawoko dinari imodzi imagawidwa m'mafilisi 1,000, osati 100 monga momwe kwacha imagawidwira m'matambala, choncho mitengo ya m'sitolo imalembedwa ndi manambala atatu kumanja kwa kadontho: 1.250, 7.500, 12.500. Kwa iye, 12.500 ndi madinari 12 ndi theka. Kusiyana kwa mpumiro ndi mpatuliro pa pepala la lisiti ndi kamchira kakang'ono kwambiri, ndipo kamchira kameneka ndi komwe kamayamba kusowa chithunzi chikajambulidwa mothamanga.

Choopsa n'chakuti kulakwitsa kotereku sikudabwitsa munthu. Mu 2024 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K1,750 kubanki, ndiye kuti K12,500 inali ngati madola 7. Dinari ya ku Kuwait imaposa madola atatu, choncho madinari 12 ndi theka ndi ngati madola 40. Penti ya madola 40 ilipo, ndipo palibe wowerengera ndalama amene angadzidzimuke nayo. Akanawerenga kuti penti yagulidwa ndi madinari 12,500 akanaimba foni nthawi yomweyo kufunsa. Koma 12.500 amangoilowetsa m'buku, n'kupita pa mzere wina.

Nkhaniyi imakhudza anthu ambiri kuposa momwe tingaganizire. Makomiti a mizikiti ndi a madrasa ku Mangochi, ku Machinga, ku Salima ndi kwina amene amalandira thandizo kuchokera kumayiko a Aarabu amayenera kuonetsa momwe ndalama zayendera, ndipo umboni wake ndi malisiti. Wophunzira amene akulipiriridwa sukulu ndi bungwe la kumeneko amakumana ndi zomwezi, chimodzimodzinso wantchito amene akufuna kuti abwana ake amubwezere ndalama yomwe wagulira zinthu za kuntchito. Kawirikawiri ntchito yomasulira imagwera shehe kapena mwalimu amene Chiarabu amachidziwa bwino ndithu. Komatu pa lisiti mawu ndi ochepa. Zambiri ndi manambala, ndipo poti aliyense amaganiza kuti manambala safuna kumasulira, ndi omwe sayang'aniridwa.

Tiyeni tigwire lisiti limodzi lachitsanzo. Tiyerekeze kuti msungichuma wa komiti ina wagula zokonzera chipinda chophunziriramo ku hadiweya ya pa boma, ndipo lisiti lake liyenera kukawerengedwa ndi akawuntanti wa ku Kuwait. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma msonkho wa VAT ndi weniweni wa chaka chimenecho.

```
03/04/2024
CEMENT 50KG    4 x 18,500.00         74,000.00
PVA PAINT 5L   2 x 12,500.00         25,000.00
NAILS 4IN      2.500KG x 3,200.00     8,000.00
SUBTOTAL                            107,000.00
DISCOUNT                             -2,150.00
TOTAL                              K104,850.00
VAT 16.5% INCL                       14,850.00
CASH                                110,000.00
CHANGE                                5,150.00
```

Kukopera kaye, kumasulira pambuyo

Womasulira wodziwa ntchito sayamba ndi Chiarabu. Amayamba wakopera lisiti lonse momwe lilili, mzere ndi mzere, m'chiyankhulo chomwe lasindikizidwira, kenako amatenga kakyuleta n'kuliwonkhetsanso. Chifukwa chake n'chakuti lisiti limadzichitira lokha umboni. Nambala iliyonse pa pepalalo ili ndi inzake yoitsimikizira, ndipo ngati diso lawerenga molakwika penapake, masamu ndi amene amaulula.

Malisiti ambiri a m'masitolo salembedwa ndi inki. Pepala lake limada lokha likakhudzidwa ndi kutentha kwa makina, n'chifukwa chake limafufutika msanga likakhala m'thumba la malaya, padzuwa kapena m'galimoto yotentha. Likayamba kufufutika, nambala 8 imataya mbali yake ya kumanzere n'kuoneka ngati 3. Ndiye tinene kuti womasulira wawerenga mtengo wa simenti ngati 13,500.00. Akachulukitsa ndi matumba anayi apeza 54,000.00, pamene lisiti likunena 74,000.00. Imodzi mwa nambala ziwirizi yawerengedwa molakwika, koma iti? Yankho lili pansi pake. Mukawonkhetsa 74,000 ndi 25,000 ndi 8,000 mupeza 107,000, yomwe ndi ndendende ndi mzere wa SUBTOTAL. Choncho 74,000 ili bwino, ndipo mukaigawa panayi mupeza 18,500. Nambala yofufutika ija yapezeka popanda kulota.

Mzere wa misomali uli ndi msampha wake. Sikelo za m'masitolo zimakonda kulemba kulemera ndi manambala atatu kumanja kwa kadontho, choncho 2.500KG ndi makilogalamu awiri ndi theka. Munthu amene wazolowera kuona 2,500 angalembe makilogalamu 2,500, misomali yodzaza lole. Apanso masamu amathetsa mkangano: 2.5 kuchulukitsa ndi 3,200 ndi 8,000 basi. Pa mzere wa penti, chilembo L chikafufutika phazi lake chimasanduka 1, ndipo 5L imawerengeka 51. Mapulogalamu a pafoni owerenga zilembo pa chithunzi amagwa kawirikawiri pa malo ngati amenewa, pa O ndi 0, pa S ndi 5, pa B ndi 8. Apa masamu sathandiza, chifukwa kukula kwa chigubu sikulowa m'kuwonkhetsa. Chomwe chimathandiza n'kudziwa kuti penti imagulitsidwa m'zigubu za malita 5 kapena 20, ndipo ngati chikaiko chilipobe, kufunsa amene anakagulayo.

Zambiri mwa zovutazi zimathera pojambula pomwe. Lisiti lijambulidwe tsiku lomwe laperekedwa, litayalidwa pa tebulo popanda makwinya, foni ili pamwamba pake mowongoka, pamalo owala koma popanda kuyatsa getsi la kamera, lomwe limanyezimira pa pepala losalalalo n'kubisa mizere. Likakhala lalitali, ndi bwino kujambula zithunzi ziwiri zolowerana, kuti mzere womaliza pa choyamba uonekenso pa chachiwiri. Potumiza pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa kuti chipepuke, ndipo timadontho ndi timene timavulala. Kuchitumiza kudzera pa batani la Document kumachisunga momwe chajambulidwira.

Chilembo K sichimadziwika kulikonse

Kwa ife K ndi kwacha, nkhani yatha. Koma ngakhale munthu wa ku Mchinji amadziwa kuti K ya ku Chipata si K ya kwathu. Zambia nayo imagwiritsa ntchito chilembo chomwechi, ndipo kuyambira mu 2013, pamene anadula maziro atatu pa ndalama yawo, kwacha yawo imodzi ndi makwacha ambirimbiri a kuno. Ngati anansi enieni angasokonezane chotere, nanji munthu amene sanagwirepo kwacha chibadwire.

Cholakwa chomwe chimabwera mosavuta n'kungosandutsa K kukhala chilembo chofanana nacho cha Chiarabu, chomwe ndi ك. Zimaoneka ngati kukhulupirika ku zomwe zalembedwa, koma ku Kuwait dinari imafupikitsidwa د.ك, kapena KD m'zilembo zathuzi. Ndiye ك yoima payokha pafupi ndi nambala imaoneka ngati chidule cha dinari chomwe chadukako mbali. Mukaphatikiza ndi nkhani ya kadontho ija, 104,850 yasanduka madinari 104 ndi mafilisi 850, omwe ndi ngati madola 340, pamene ndalama yeniyeni yomwe inalipiridwa inali ngati madola 60. Komiti yomwe sinabe kalikonse ingapezeke ikuoneka ngati yawononga ndalama zoposa kasanu zomwe inawonongadi. Lisiti la ku Joni lili ndi vuto lofanana: R ya randi ikalembedwa ر imafanana ndi chiyambi cha ر.س ya ku Saudi Arabia, ر.ق ya ku Qatar ndi ر.ع ya ku Oman, zonse mariyali, koma osiyana mphamvu.

Njira yake ndi yosavuta. Ndalama iliyonse padziko ili ndi dzina la zilembo zitatu lomwe mabanki onse amalidziwa, pansi pa muyezo wotchedwa ISO 4217. Kwacha yathu ndi MWK, ya ku Zambia ndi ZMW, randi ndi ZAR, dinari ya ku Kuwait ndi KWD. Pamwamba pa lisiti lomasuliridwa palembedwe chiganizo chimodzi cha Chiarabu chonena kuti ndalama zonse zili m'makwacha a ku Malawi, كواشا ملاوية, ndipo pambali pake paikidwe MWK, poti Aarabu eni ake salemba mawu oti kwacha mofanana onse. Chiganizo chachiwiri chifotokoze kuti mpatuliro ukulekanitsa masauzande, pamene mpumiro ukulekanitsa makwacha ndi matambala. Kenako MWK ibwerezedwe pa mzere wa ndalama yonse yolipiridwa. Ndimaona kuti maziro awiri a kumapeto aja, ngakhale tambala sagulanso kanthu masiku ano, ndi ofunika kuwasiya pomwepo. Munthu akaona 12,500.00 sangaiwerenge ngati madinari, chifukwa zizindikiro ziwiri zija zikuonetseratu ntchito ya chilichonse. Wofuna kufupikitsa, amene amadula .00 kuti zioneke zaudongo, ndi amene amabweretsa chisokonezo.

Pali funso lina lomwe womasulira aliyense amadzifunsa: kodi manambala nawonso alembedwe m'zilembo za Chiarabu? Ku Egypt, ku Saudi Arabia, ku Iraq ndi mayiko oyandikana nawo anthu amalemba ٠١٢٣٤٥٦٧٨٩, pamene ku Morocco, ku Algeria ndi ku Tunisia amalemba 0123456789 ngati ife. Pa nkhani ya lisiti maganizo anga ndi akuti manambala asakhudzidwe. Akawuntanti wa ku Kuwait amawerenga manambala athuwa tsiku ndi tsiku, ndipo malisiti ambiri a m'masitolo a kumeneko amasindikizidwa nawo. Kuwasintha sikumuthandiza kanthu, koma kumatsegula makomo awiri a zolakwa.

Khomo loyamba ndi maonekedwe a manambalawo. Ziro ya Chiarabu ndi kadontho, ٠. Faifi ndi kozungulira, ٥, ngati ziro yathu. Sikisi, ٦, imafanana ndi 7 yathu. Ndalama yonse ya pa lisiti lathu ikalembedwa motero imakhala ١٠٤٬٨٥٠٫٠٠, ndipo taonani kumapeto kwakeko: timadontho titatu ndi kamchira pakati. Pepala limeneli likajambulidwanso kapena kupangidwa fotokope, palibe angalumbire kuti ziro ndi iti, mpumiro ndi uti, fumbi ndi liti. Khomo lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambalo. Msungichuma amene asaine pansi pa chikalatacho mwina sadziwa Chiarabu, koma manambala amawadziwa. Akasiyidwa momwe alili pa lisiti, iye angathe kuika chithunzi ndi chomasuliridwa pambalipambali n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Akasinthidwa, akusaina zomwe sangathe kuzitsimikiza. Ngati olandirawo aumirira kuti akufuna manambala a Chiarabu, aikidwe m'danga lowonjezera, oyamba aja ali pomwepo.

Manambala akayamba kudumphadumpha

Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma nambala yomwe ili m'kati mwa chiganizo imalembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga momwe ife timachitira. Wolemba pamanja savutika nazo, dzanja limadziwa kolowera. Kompyuta ndi foni zimatsatira malamulo a Unicode osankha mbali yomwe chizindikiro chilichonse chilowere. Zilembo za Chiarabu zili ndi mbali yake yodziwika, zilembo zathu nazonso zili nayo. Koma mpata wapakati pa mawu, kamzere kochotsera, chizindikiro cha dola ndi zina zotere zilibe mbali yawoyawo. Zimangotsata zoyandikana nazo, ndipo apa ndi pomwe lisiti limasokonekera womasulira asanalakwitse chilembo n'chimodzi chomwe.

Tengani mzere wa simenti. Womasulira alemba dzina la katunduyo m'Chiarabu, kenako atayipa `4 x 18,500.00` momwe zilili. Pa sikirini, 4 ikhala kumanja pafupi ndi mawu a Chiarabu aja. Koma x ndi chilembo chathu, choncho chimakoka mtengo uja n'kupanga nawo gulu lakelake loyambira kumanzere. Zotsatira zake, mukayang'ana kuchokera kumanzere, zioneka chonchi:

```
x 18,500.00 4
```

Chizindikiro chochulukitsira chathawira kumapeto, ndipo 4 yagundana ndi mtengo ngati ndi mchira wake. Mzere wa DISCOUNT nawo uli ndi zake. Kamzere kochotsera komwe kanatayipidwa patsogolo pa 2,150.00 kamakaoneka kumanja kwa nambalayo, pakati pa mawu ndi nambala, pomwe wowerenga angakatenge ngati kongolekanitsa mawu ndi mtengo. Akatero, ndalama yomwe inachotsedwa iwerengedwa ngati yowonjezera. Choipitsitsa chimagwera malisiti omwe amalekanitsa masauzande ndi mpata, monga ena a ku South Africa. Nambala 104 850 ikatayipidwa ndi mpata wamba m'chiganizo cha Chiarabu, kompyuta imaiona ngati nambala ziwiri n'kuzisanja kuchokera kumanja, ndipo wowerenga amaona 850 104.

Akatswiri a makompyuta ali ndi tizizindikiro tosaoneka tomwe amabaya m'chiganizo kuti nambala isasunthe, monga U+200E. Munthu wamba safunika kufika kumeneko. Chofunika ndi tebulo la madanga: danga la dzina la katundu, la kuchuluka, la muyezo, la mtengo wa chimodzi, ndi la mtengo wa zonse. Nambala iliyonse ikakhala yokha m'kabokosi kake ilibe chilembo choyandikana nacho choti chiikoke, ndipo x ija sifunikanso chifukwa mitu ya madanga ikunena kale kuti iyi ndi الكمية, kuchuluka, iyo ndi سعر الوحدة, mtengo wa chimodzi. Madanga angayambire kumanja monga Mwarabu amawerengera, palibe vuto, bola mizere itsatane momwe yatsatirana pa lisiti. Tebulo likatha lisungidwe ngati PDF, osati kukopera mawu ake n'kuwamata mu uthenga wa pafoni, chifukwa mapulogalamu osiyana saonetsa mofanana mzere wosakaniza zilembo za mitundu iwiri. Zomwe zikuoneka bwino pa kompyuta ya womasulira zingakafike zitatembenuka pa foni ya wolandira.

Tebulo limathandizanso pa miyezo. Pa mzere wa simenti pali nambala ziwiri zonena kuchuluka, ndipo ntchito zake n'zosiyana: 50KG ndi kukula kwa thumba, 4 ndi chiwerengero cha matumba. Choncho 50 ikhale m'dzina la katundu, 4 ikhale m'danga la kuchuluka, ndipo m'danga la muyezo mulembedwe كيس, thumba. Womasulira asachulukitse yekha n'kulemba makilogalamu 200, ngakhale n'zoona, chifukwa nambala imeneyo palibe pa lisiti ndipo woyerekeza ndi chithunzi adzaisowa. Pa misomali zinthu zatembenuka: 4IN ndi kutalika kwa msomali, mainchesi anayi, بوصة, pamene muyezo wogulira ndi kilogalamu. Chidule cha kilogalamu sichimodzi. Ku Egypt ndi kumayiko monga Kuwait ndi Saudi Arabia amakonda كجم, ku Syria ndi ku Lebanon amakonda كغ. Zonsezi n'zomveka, koma chidule cha galamu, جم, chimasiyana ndi ج.م, chidule cha paundi ya ku Egypt, ndi kadontho kamodzi kokha. Pa chikalata cha ndalama ndi bwino kulemba muyezo wonse osafupikitsa, malo alipo.

Nanga yolipiridwa ndi iti?

Kumunsi kwa lisiti lathu kuli nambala zisanu ndi imodzi, ndipo akawuntanti akufuna imodzi yokha. Maso a munthu wotopa amathamangira yaikulu kwambiri, 110,000.00, kapena yomalizira, 5,150.00, ndipo zonse ziwiri si zomwe akufuna. Apa ndi pomwe mawu amagwira ntchito yeniyeni.

Chiarabu chili ndi mawu awiri ofala onena za ndalama zonse pamodzi, المجموع ndi الإجمالي. Womasulira amakopeka kuika limodzi pa SUBTOTAL, linalo pa TOTAL, n'kumaona ngati wasiyanitsa. Sanasiyanitse, chifukwa masitolo a kumeneko amagwiritsa ntchito mawu onse awiri pa mzere womaliza. Mzere uliwonse unene chomwe uli. Wa 107,000.00 ulembedwe المجموع قبل الخصم, kutanthauza zonse pamodzi mtengo usanachotsedwe. Wa 2,150.00 ukhale ndi mawu oti خصم, kuchotsera, kuti ngakhale kamzere kaja katasochera tanthauzo likhalepobe. Wa 104,850.00 ulembedwe الإجمالي المستحق شامل الضريبة, ndalama yonse yoyenera kulipiridwa, msonkho uli momwemo, ndipo ndi mzere wokhawu womwe uyenera kulembedwa ndi zilembo zonenepa.

Mzere wa VAT ndi womwe umapha anthu ambiri. Waikidwa pansi pa TOTAL, ndipo munthu woona nambala pansi pa inzake amafuna kuwonkhetsa. Akatero apeza 119,700, ndalama yomwe palibe anailipira. Ku Saudi Arabia kuli VAT ya 15 peresenti, ku United Arab Emirates ya 5 peresenti, koma Kuwait mu 2024 inalibe msonkho umenewu, choncho wowerenga wathu sakumana ndi mzere wotere pa malisiti a kwawo. Kamawu kamodzi ka Chiarabu kamakonza zonse: منها, kutanthauza kuti mwa ndalama imeneyi. Mzerewo ukalembedwa منها ضريبة القيمة المضافة, akudziwa kuti 14,850.00 ili kale m'kati mwa 104,850.00.

Womasulira angatsimikize bwanji kuti msonkho uli m'kati, ngati mawu oti INCL afufutika kapena sanasindikizidwe n'komwe? Njira yoyamba ndi masamu a msonkhowo. Mukagawa 104,850 ndi 1.165 mupeza 90,000, ndipo 16.5 peresenti ya 90,000 ndi 14,850, ndendende ndi zomwe zalembedwa. Msonkho ukanakhala wowonjezera pamwamba, ukanakhala 16.5 peresenti ya 104,850, yomwe ndi 17,300.25, ndipo nambala imeneyo palibe pa lisiti. Njira imeneyi imagwira bwino katundu yense akakhala wa msonkho umodzi. Lisiti la m'golosale, momwe zina zimakhomeredwa msonkho zina ayi, silingatuluke chonchi. Njira yachiwiri ndi yachidule ndipo sisankha lisiti: ndalama yomwe wogula anapereka kuchotsa chenje. Apa 110,000 kuchotsa 5,150 ndi 104,850. Imeneyo ndiyo ndalama yomwe inatsala m'sitolo.

Mawu oti CHANGE ndi odziwika pogwetsa omasulira ndi dikishonale, amene amalemba تغيير, kusintha kwa zinthu, mawu opanda tanthauzo pa lisiti. Mawu a chenje ndi الباقي, chotsala. Koma ngakhale amenewa ali ndi mbali ziwiri, chifukwa m'buku la ngongole chotsala ndi ndalama yomwe munthu sanamalize kulipira. Akawuntanti angaganize kuti komiti ili ndi ngongole ya 5,150 kusitolo. Kuwonjezera mawu awiri, الباقي المعاد للعميل, chotsala chobwezedwa kwa wogula, kumatseka mpata umenewo. Nawo mzere wa CASH usangolembedwa kuti kashi, koma ndalama yomwe wogulitsa analandira pamanja.

Aarabu ali ndi mwambo wabwino pa zikalata za ndalama, wolemba ndalama yonse m'mawu, kuyamba ndi فقط n'kumaliza ndi لا غير, kuti pasapezeke wowonjezera kanthu kutsogolo kapena kumbuyo. Zimenezi n'zofananako ndi kalembedwe ka pa cheke. Pa lisiti lathu zingalembedwe فقط مئة وأربعة آلاف وثمانمئة وخمسون كواشا ملاوية لا غير. Munthu amene wawerenga mawu oti masauzande sangabwererenso ku madinari 104. Koma poti mzerewu palibe pa lisiti lenileni, malo ake ndi pansi, m'gawo lolembedwa kuti ndi ndemanga za womasulira, osati m'kati mwa tebulo.

M'gawo lomweli ndi momwe muyenera kukhala kusintha ndalama, ngati olandirawo apempha kudziwa kuti makwachawa ndi madinari angati. M'tebulo musalowe dinari ngakhale imodzi. Pansipo palembedwe mtengo wosinthira, tsiku lake ndi banki yomwe watengedwa. Tsiku ndi lofunika kwambiri kwa ife kuno: mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi, choncho lisiti la mu Okutobala chaka chimenecho likasinthidwa pa mtengo wa mu Disembala limanena bodza. Tsiku la pa lisiti nalo lilembedwe mosasiya chikaiko, mwezi wake m'mawu, 3 أبريل 2024, n'kutsatiza chilembo م chosonyeza kuti chakachi ndi cha pa kalendala yomwe timagwiritsa ntchito kunoyi, osati ya Hijiri.

Nthawi zina masamu amakana ngakhale chithunzi chili chowala ngati masana. Izi zimachitika kwambiri pa malisiti olembedwa pamanja m'mabuku a kaboni, pomwe wogulitsa wawonkhetsa m'mutu ali ndi makasitomala atatu pakhomo. Tinene kuti mizere itatu ija ikukwana 107,000 koma iye walemba 108,000. Dzanja la womasulira limayabwa kufuna kukonza, makamaka poti akudziwa kuti komiti ndi ya anthu achilungamo. Asakonze. Alembe 108,000 momwe zilili, ndipo m'ndemanga anene kuti mizere ikawonkhetsedwa ikupereka 107,000, kusiyana kwake ndi 1,000. Akawuntanti ali ndi chithunzi m'manja, ndipo akapeza nambala imodzi yokha yosiyana ndi ya pa chomasuliridwa adzayamba kukayikira malisiti onse a chaka chimenecho. Chimodzimodzi nambala yomwe yafufutikiratu: m'kabokosi kake mulembedwe غير مقروء, sizikuwerengeka, ndipo ngati masamu akuonetsa kuti iyenera kukhala 18,500.00, zimenezo zinenedwe m'ndemanga pamodzi ndi kawerengedwe kake. Msungichuma angathe kubwerera kusitolo kukapempha lisiti lina kapena kalata yotsimikiza mtengo, yomwe nayonso ijambulidwe n'kutumizidwa limodzi ndi loyambalo.